Lipoti la nkhani: uthenga wa mawu wogulitsira mpunga wa Kilombero pa WhatsApp

Lipotili likufotokoza ntchito imene ndinagwira ndi mayi wina wochita malonda ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe, amene dzina lake sinditchula. Ntchito yanga ndi yolangiza anthu a malonda ang'onoang'ono za kalankhulidwe ndi makasitomala, ndipo mayiyu anabwera ndi dandaulo lakuti mauthenga a mawu amene ankatumiza kwa anthu a mufoni mwake sankabweretsa maoda, ngakhale kuti katundu wake anali wabwino ndipo amene anagulako kale ankamuyamikira. Chimene tinakonza pamodzi ndi mawu olembedwa oti aziwanena mu uthenga umodzi wa masekondi osapitirira 40, wonena za chinthu chimodzi chokha, ndipo pambuyo pake tinawasandutsa kanema wamfupi woika pa Status. Mitengo yonse imene ili m'munsimu ndi ya nthawi imene ntchitoyi inkachitika.

Malonda ake ndi uthenga umene ankatumiza poyamba

Mayiyu amalandira mpunga wa Kilombero kuchokera kwa mbale wake wa ku Karonga, m'matumba a makilogalamu 50, ndipo akaupeta ndi kuusankha amauika m'mapaketi a makilogalamu 5. Pa masamu a pepala thumba limodzi liyenera kutulutsa mapaketi 10, koma akachotsa mankhusu, timiyala ndi mpunga wosweka kwambiri amapeza mapaketi 9 odzaza ndi wotsala wosakwana paketi. Ankagulitsanso nyemba ndi usipa wouma, ndipo mufoni mwake munali manambala a anthu a kutchalitchi, anzake a banki m'khonde, oyandikana nawo nyumba, komanso anthu ogwira ntchito m'maofesi a ku City Centre amene anamudziwa kudzera mwa mwamuna wake.

Nditamvetsera uthenga wake wakale ndinapeza kuti unali wa mphindi ziwiri ndi theka. Theka la mphindi loyamba linali la malonje okhaokha: kupereka moni, kufunsa za kunyumba ndi ana, kuthokoza Mulungu chifukwa cha moyo, ndi kupepesa chifukwa chosokoneza anthu pa ntchito zawo. Kenako ankafotokoza za ulendo wa katunduyo ndi kuvuta kwa mayendedwe, n'kutchula mpunga, nyemba ndi usipa motsatizana, aliyense ndi matamando ake. Mtengo sanautchule paliponse, ndipo anamaliza ndi mawu akuti wofuna kudziwa zambiri amupeze kumbali. Mawu ake anali aulemu ndiponso omveka bwino, moti vuto silinali kalankhulidwe kake, koma dongosolo la zimene ankanena.

Umboni wa vutolo unali mufoni momwemo. Pa WhatsApp, uthenga wa mawu ukatsegulidwa ndi amene waulandira, kachizindikiro ka maikolofoni kamasanduka kobiriwira ngati mtambo, ndipo zimenezi zimaoneka ngakhale munthuyo atazimitsa zizindikiro zosonyeza kuti wawerenga mauthenga olembedwa. Anthu ambiri anali atautseguladi uthengawo, koma chizindikirocho chimangonena kuti munthu wauyamba, sichinena kuti waumvetsera mpaka pamapeto. Mayankho ndi amene anaulula zoona zake. Ochuluka anangobwezera moni, monga mmene munthu amayankhira malonje, zomwe zikusonyeza kuti anasiya kumvetsera malonda asanayambe. Owerengeka amene anafika patali anafunsa funso limodzimodzi lakuti "Zingati?", ndipo chifukwa mayiyu ankayankha patapita maola ali ku msika kapena bandulo itatha, ena mwa iwo sanabwererenso.

Chifukwa chimene uthenga wa mawu umafunira dongosolo lake

Uthenga wolembedwa munthu amauyang'ana kamodzi n'kuona pamene pali mtengo, ngakhale asanawerenge chiganizo choyamba. Uthenga wa mawu sulola zimenezo. Womvera amalandira mawu m'dongosolo limene wolankhula wasankha, sadziwa chimene chikubwera, ndipo chinthu chokha chimene amaona asanatsegule ndi kutalika kwa uthengawo. Munthu amene ali mu minibasi kapena pa desiki ya ofesi akaona 2:30 amaganiza zoti adzamvetsera nthawi ina, ndipo nthawi inayo kawirikawiri siifika, koma akaona 0:35 amauika pa khutu pompo. Komanso mawu a mu uthenga wotere sapezeka munthu akamafufuza ndi malo ofufuzira a WhatsApp, choncho kasitomala amene wakumbukira za mpunga patapita masiku atatu sangalembe kuti "mpunga" n'kuupeza.

Ubwino wake ndi wakuti mawu amanyamula chikhulupiriro. Anthu a mufoni mwa mayiyu amamudziwa, ndipo akamva mawu ake amadziwa kuti si uthenga wa akathyali umene wangoponyedwa m'magulu. Mawu amafikiranso achikulire amene kuwerenga pa foni kumawavuta, ndipo amadya bandulo yochepa kwambiri poyerekeza ndi kanema. Choncho sindinamulangize kusiya mauthenga a mawu. Ndinamulangiza kuti mafunso amene wogula amafunsa akaima pa benchi la malonda ayankhidwe onse mu uthengawo, m'dongosolo lomwe iye amafunsira: ndi chiyani, n'chochuluka bwanji, ndi zingati, ndichipeza kuti, ndichite chiyani tsopano.

Kusankha chinthu chimodzi ndi mfundo imodzi

Tinakambirana nthawi yaitali pa nkhani yosiya nyemba ndi usipa, chifukwa mayiyu ankaona ngati kusazitchula ndi kutaya makasitomala. Ndinamuonetsa kuti chinthu chilichonse chowonjezera chimabwera ndi mulingo wake ndi mtengo wake, ndipo khutu silisunga manambala asanu ndi limodzi. Munthu akamva mitengo itatu motsatizana amaisokoneza, n'kubwera akukhulupirira kuti mpunga ndi wa mtengo wa nyemba, ndipo mkangano umayambira pomwepo. Tinasankha mpunga chifukwa ndi umene unali ndi phindu lalikulu pa paketi, unali utangofika kumene, ndipo ndi umene anthu ankamudziwa nawo. Nyemba ndi usipa tinagwirizana kuti azizitchula kwa munthu amene waitanitsa kale mpunga, pamene akukambirana za katumizidwe.

Kenako ndinamufunsa chimene makasitomala ake akale amanena akamabweranso. Iye ankafuna kunena kuti mpunga wake ndi wokoma, wonunkhira, woyera ndiponso wotsika mtengo. Kununkhira ndi mbiri ya Kilombero imene wogula aliyense mu Lilongwe amaidziwa kale, ndipo wogulitsa aliyense amainena, ngakhale amene wasakaniza mpungawo ndi mtundu wina. Kutsika mtengo sikunali koona, pakuti ku msika waukulu wa Lilongwe munthu akanatha kupeza wotsikirapo. Chimene makasitomala ake ankayamikira, atakumbukira bwino, chinali chakuti mpunga wake safunika kukhala nawo pansi ndi lichero asanauphike. Imeneyo ndi ntchito imene iye amagwira ndi manja ake, ndipo wogula angathe kuitsimikizira yekha pa mphika woyamba. Tinaitenga kukhala mfundo yokhayo ya uthengawo.

Pa kanenedwe ka mfundoyi ndinakana mawu akuti "wopanda mwala ngakhale umodzi", amene iye ankawakonda. Palibe munthu amene angasankhe makilogalamu 50 ndi maso n'kulumbira kuti sipanatsale kanthu, ndipo dzino limodzi likaluma mwala, uthenga wonse umasanduka bodza pamaso pa munthu amene mumapemphera naye. Kunena za katundu zinthu zimene si zoona ndi mlandunso pa malamulo oteteza ogula, amene bungwe la Competition and Fair Trading Commission limayang'anira. Chimene angalonjeze moona ndi ntchito imene wagwira ndi chimene adzachite zikalakwika, ndipo ndi zimene tinalemba.

Mawu amene tinalemba

Uthenga umene unatumizidwa ndi uwu, kupatulapo dzina lake limene ndaika kuti Uje:

"Moni, mwaswera bwanji? Ndine mayi Uje a ku Area 25. Mpunga wa Kilombero wa chaka chino wafika kuchokera ku Karonga. Ndaupeta ndi kuusankha ndekha, ndipo mukapezamo mwala ndidzakusinthirani. Paketi ya makilo 5 ndi K18,000. Mutha kudzatenga kunyumba kuno, kapena ndikutumizireni pa kabaza, ya kabazayo mulipira nokha. Mtengo umenewu ndi wa sabata ino. Ngati mukuufuna, ndiyankheni pompano kuti mapaketi angati. Makilo 5, K18,000. Zikomo kwambiri."

Mawu onsewa sakwana 70, ndipo mayiyu akamalankhula mosathamanga ankawamaliza m'masekondi pafupifupi 35. Pa ntchito yanga ndimawerengera kuti munthu wolankhula Chichewa modekha amanena mawu awiri pa sekondi, kapena kucheperapo, chifukwa mawu athu ndi aatali, ndipo mtengo wonenedwa pakamwa umatenga nthawi yochuluka kuposa mmene umaonekera pa pepala. Choncho amene akufuna uthenga wa theka la mphindi asalembe mawu opitirira 60, ndipo ayese ndi wotchi ya foni asanakhulupirire pepala.

Moni sitinauchotse, ndipo sindingalangize aliyense kuuchotsa. Uthenga umene ukuyamba ndi malonda popanda moni umamveka wamwano kwa mayi wa kumpingo kapena bambo wachikulire, ndipo munthu wokhumudwa sagula. Chimene tinachita ndi kuufupikitsa kukhala mpweya umodzi, kuti ulemu uperekedwe koma womvera asaganize kuti uthenga wonse ndi wa malonje. Tinapewanso kunena kuti "moni nonse", chifukwa uthengawu umafika kwa munthu aliyense payekha, ndipo akamva kuti ali m'chigulu amadziona kuti alibe udindo woyankha. Dzina ndi dera zikubwera pompo chifukwa uthenga wa mawu umatha kutumizidwa kwa munthu wina amene nambalayo saidziwa, ndipo dera likumuuza msanga ngati malondawo ali pafupi naye.

Dzina la katundu likumveka masekondi 10 asanakwane. Limeneli ndi lamulo limene sindisintha kwa wamalonda aliyense, chifukwa amene safuna mpunga ayenera kudziwa msanga kuti asiye popanda kukwiya, ndipo amene akuufuna ayenera kupeza chifukwa chopitirizira. Mawu akuti "wa chaka chino" ndi ofunika kwa wodziwa mpunga, pakuti watsopano umanunkhira kwambiri kuposa wogonera, ndipo tinawaika chifukwa anali oona: mbale wake anaugula kwa alimi atangokolola.

Mtengo ukunenedwa kawiri, pakati ndi pamapeto, nthawi zonse pamodzi ndi mulingo wake. Mayiyu ankaopa kuutchula pa zifukwa ziwiri zimene ndimazimva kwa amalonda ambiri: kuti anzake ogulitsa mpunga adzaudziwa n'kutsitsa wawo, ndi kuti anthu adzathawa asanamve ubwino wa katunduyo. Chifukwa choyamba n'chosalimba, poti mnzake wofuna kudziwa mtengo angotuma mwana kudzafunsa. Chachiwiri chili ndi choonadi pang'ono, ndipo n'chifukwa chake mtengo ukubwera pambuyo pa mfundo ya kusankha, osati patsogolo pake. Koma munthu amene wathawa atamva K18,000 akanathawabe atafunsa kumbali, atadyanso nthawi ndi bandulo ya wogulitsa. Ndinamuuza kuti mtengowo aunene mmene anthu amanenera ku msika, osati kuyesa kuuwerenga m'Chichewa cha m'buku chimene womvera ayenera kuima kaye kuti achimasulire, ndipo apume pang'ono asananene nambalayo komanso atainena.

Chiganizo cha kabaza chinatsala pang'ono kuchotsedwa pofuna kufupikitsa, koma ndinachisunga chifukwa ndi pamene malonda a pafoni amafera kawirikawiri. Kuchokera ku Area 25 kukafika ku Kawale kapena ku Area 23 ndi mtunda wautali, ndipo ndalama ya njinga yamoto ingadye phindu lonse la paketi imodzi. Wogula amene sanauzidwe amayesa kuti kubweretsa kuli m'kati mwa mtengo, ndipo wakabaza akafika pa geti n'kupempha yake, mkwiyo umagwera wogulitsa. Mtengo wa kabaza sitinautchule chifukwa umasiyana ndi dera, koma tinanena momveka amene adzalipire.

Pomaliza pali pempho limodzi lokha, ndipo ndi losavuta kuyankha. Sitinanene kuti aimbe, kapena alembe, kapena afike kunyumba, kapena auze anzawo, chifukwa munthu wopatsidwa njira zinayi amayamba kuganiza m'malo mochita. Funso lakuti "mapaketi angati" lingayankhidwe ndi nambala imodzi, ngakhale ndi munthu amene ali pa mzere wa kubanki. Za kalipiridwe sitinaziike m'mawu, chifukwa nambala ya foni yonenedwa pakamwa imalakwika polemba, ndipo ndalama yopita ku nambala yolakwika ndi yovuta kuibweza.

M'malo mwake, pansi pa uthenga wa mawuwo pankatsatira chithunzi chimodzi cha paketi ili pa sikelo, ndi mzere wolembedwa wakuti: "Mpunga wa Kilombero, makilogalamu 5, K18,000, Area 25. Airtel Money kapena TNM Mpamba." Mzere umenewu ndi umene umapezeka munthu akafufuza pambuyo pake, ndi umene amawerenga amene ali pa msonkhano kapena pa maliro pomwe sangatsegule mawu, ndipo ndi umboni wa mtengo pakabuka kusamvana.

Kujambula mawu

Mayiyu atawerenga pepalalo koyamba, mawu ake anauma ngati a mwana wa sukulu amene akulakatula pamaso pa aphunzitsi, ndipo chikhulupiriro chimene tinkafuna chinasowa. Njira imene inathandiza ndi yakuti awerenge mokweza kangapo mpaka dongosolo litakhazikika m'mutu, kenako atembenuze pepalalo n'kutsala ndi mawu asanu olembedwa pa chikhatho: mpunga, kusankha, mtengo, kabaza, angati. Ndinamupempha kuti aganizire kasitomala mmodzi weniweni amene amamulemekeza, n'kulankhula ngati akuuza iyeyo. Mawu ena anasintha pang'ono pa kujambula kulikonse, ndipo zimenezo zinalibe vuto malinga mulingo, mtengo ndi pempho zinali zosasintha.

Pa WhatsApp, munthu akagwira chizindikiro cha maikolofoni n'kukokera chala m'mwamba, kujambula kumatsekeka ndi loko, ndipo angathe kuimitsa, kumvetsera zimene wajambula, n'kuzitaya ngati sizili bwino asanatumize. Amalonda ambiri sadziwa zimenezi, ndipo amatumiza uthenga wokhala ndi chifuwa, kulira kwa mwana kapena mtengo wolakwika, n'kutsatiza wina wopepesa. Tinajambulira m'chipinda chogona, chifukwa matiresi, makatani ndi zovala zimameza phokoso, pamene pabalaza la simenti mawu amabwerera n'kumveka ngati ali m'chitsime. Wailesi inazimitsidwa, zenera linatsekedwa chifukwa cha mphepo, ndipo foni anaigwira motalikira chikhatho chimodzi kuchokera pakamwa, chakumbali pang'ono, kuti mpweya wa mawu ngati "paketi" ndi "pompano" usamenye maikolofoni.

Kuyesa komaliza kunali kumvetsera uthengawo pa liwiro la 1.5x, chifukwa anthu ambiri otanganidwa amamvetsera motero, ena mpaka pa 2x. Ngati mtengo sukumveka pa liwiro limenelo, ndiye kuti wanenedwa mothamanga kapena momeza mawu. Tinaumvetseranso panja, pa sipika ya foni yotsika mtengo, poti ndi mmene ambiri mwa omvera ake adzaumvere.

Katumizidwe

Tinagwiritsa ntchito ndandanda yotumizira anthu ambiri nthawi imodzi, imene imapangidwa posankha New broadcast. Ndandanda imodzi imalola anthu 256, uthenga umafika kwa aliyense ngati watumizidwa kwa iye yekha, ndipo yankho lake limabwera kumbali osaonedwa ndi ena. Malire ake ndi akuti uthengawo umangofika kwa anthu amene anasunga nambala ya wotumiza mufoni mwawo. Pa anthu a m'maofesi aja, ambiri anali asanaisunge, ndipo uthenga wawo unangokhala ndi kachizindikiro kamodzi kosonyeza kuti wachoka koma sunafike. Mayiyu poyamba ankayesa kuti amutsekera, koma atawalembera mmodzimmodzi kuwapempha kuti asunge nambala yake ngati akufuna kumamva katundu akafika, ambiri anatero.

Sitinatumize kwa aliyense wa mufoni. Tinasankha amene anagulako kale, amene anafunsapo za mpunga, ndi amene amakhala m'madera oyandikira, ndipo achibale a kumudzi, aphunzitsi a ana ndi akuluakulu a mpingo tinawasiya. M'magulu a tchalitchi ndi a makolo a kusukulu sitinaponyemo, chifukwa magulu amenewo ali ndi ntchito yake, ndipo anthu okwiya akamadandaula za nambala kwa WhatsApp, nambalayo itha kutsekedwa. Aliyense amene ananena kuti safuna mauthenga otere anachotsedwa tsiku lomwelo popanda kumufunsa chifukwa. Nthawi yotumizira tinasankha madzulo anthu ataweruka, chakumapeto kwa mwezi pamene a pa ntchito alandira, ndipo chachikulu n'chakuti inali nthawi imene mayiyu akanatha kukhala ndi foni m'manja kwa maola awiri otsatira, bandulo ili yokwanira.

Zimene zinatsatira ndi zimene tinasintha

Kusintha koonekera kunali pa mtundu wa mayankho. Funso lakuti "Zingati?" linatha, ndipo m'malo mwake munabwera mayankho aafupi onena chiwerengero cha mapaketi, ena ofunsa mtengo wa kabaza kukafika kwawo, ndi ena onena kuti adzagula mwezi wamawa. Mpunga umene unalipo unatha msanga kuposa wa ulendo wapitawo. Sindinganene kuti mawu okhawo ndi amene anachititsa, chifukwa tinasinthanso anthu olandira ndi nthawi yotumizira, ndipo mpungawo unali watsopano. Chimene ndingatsimikize ndi chakuti mauthenga ofunika kuti malonda amodzi atheke anachepa, ndipo mayiyu sankatayanso anthu pa nthawi yodikira yankho la mtengo.

Panabuka mavuto awiri. Loyamba linachokera ku mawu akuti "sabata ino". Makasitomala okhutira anatumiza uthengawo kwa anzawo, anzawonso kwa ena, ndipo patatha milungu itatu anthu osawadziwa ankabwera akufuna mpunga pa K18,000, pamene thumba latsopano linali litakwera mtengo ku Karonga ndipo paketi inali pa K19,500. Kwa amene wangoulandira lero, sabata ino ndi sabata yomwe ali. Status imafufutika yokha pakatha maola 24, koma uthenga wa mawu umene wafika mufoni ya munthu ulibe tsiku lothera. Tinasintha chiganizocho kuti chitchule tsiku lenileni, motere: "Mtengo umenewu ndi wa mpaka Loweruka pa 12 Julayi." Kuyambira pamenepo mawu ngati lero, mawa ndi sabata ino sitiwalolanso mu uthenga uliwonse wokhala ndi mtengo.

Lachiwiri linali la ndalama yotapira. Wogula akatumiza K18,000 yeniyeni pa foni, wogulitsa akapita kwa ejenti amalandira yocheperapo chifukwa cha ndalama imene imadulidwa potapa. Mayiyu ankapempha yotapira munthu atatumiza kale, ndipo ena ankaona ngati wawonjezera mtengo mwachinyengo. Panali njira ziwiri, kuiphatikiza mu mtengo wa paketi kapena kuitchula mu mzere wolembedwa uja. Ndinalangiza yoyamba, chifukwa nambala imodzi yosasintha ndi imene uthenga wonsewu waimapo, ndipo mayiyu anapezanso kuti ndalama zambiri sankafunika kuzitapa, popeza mbale wake wa ku Karonga amamulipira pa foni pomwepo.

Lonjezo losintha paketi linayesedwa ndi kasitomala mmodzi amene anapeza kamwala n'kutumiza chithunzi. Anasinthiridwa monga mmene uthenga unanenera, ndipo wotsala wosakwana paketi uja wa pa thumba lililonse ndi umene unakwirira kutayikako.

Kusandutsa mawuwo kanema

Kanema tinamupangira Status, kumene anthu amaonera mwa kufuna kwawo. Kwa zaka zambiri Status inkalola kanema wa masekondi 30 okha, ndipo mu 2024 malirewo anawonjezedwa kufika pa mphindi imodzi, koma ife tinakhalabe pa masekondi 30 chifukwa kanema amadya bandulo ya woonera, ndipo pa netiweki yofooka wautali amazungulira osatseguka. Mawu anafupikitsidwa pochotsa zimene maso angathe kuona okha. Foni inagwiridwa choimika, panja pa mthunzi m'mawa, kuwala kukuchokera kumbuyo kwa wojambula.

Masekondi oyamba akuonetsa dzanja likutapa mpunga mu lichero n'kuusiya ukuyoyoka pafupi ndi kamera, kuti woonera aone kutalika kwa njere ndi kuchepa kwa zosweka, pamene mawu akupereka moni ndi kutchula dzina la mpungawo. Kenako paketi ikuikidwa pa sikelo, ndipo kamera ikukhala pa nambalayo masekondi atatu osagwedezeka, chifukwa kukayikira kwakukulu kwa wogula katundu wopakidwa pakhomo ndi kwakuti mulingo ndi wosakwana. Pomaliza mayiyu akuoneka nkhope akunena mtengo ndi pempho. Popeza anthu ambiri amaonera Status foni ili chete, mulingo ndi mtengo zinalembedwa pa kanemayo ndi zilembo zikuluzikulu chapakati, osati m'munsi mwenimweni momwe mumaphimbidwa ndi malo oyankhira. Nyimbo sitinaike, poti zinkabisa mawu pa sipika ya foni.

Kanemayu anakopa anthu ena amene sanali pa ndandanda ija, koma maoda ambiri ankabwerabe kudzera mu uthenga wa mawu, umene umafika kwa munthu mwachindunji. Chifukwa kanema wolembedwa mtengo sangakonzedwe mtengo ukasintha, tinasunga kanema wopanda zolemba wa dzanja ndi sikelo, kuti katundu watsopano akafika mayiyu azingojambulanso chigawo chomaliza ndi kulembapo mtengo ndi tsiku latsopano. Uthenga wa mawu amaujambula wonse mwatsopano pa katundu aliyense, ndipo satumiza wina kwa anthu omwewo mpaka matumba ena atafika kuchokera ku Karonga.